Milu Isanu ndi Iwiri pa Mphasa

Kalata yomulembera ntchito pa fakitale ina ya mipando ku Workington inanena madola 300 a ku Amerika pa mwezi. Kwa masabata anayi mnyamatayo ankawononga ndalamazo mumtima: foni yatsopano, nsapato, nyama ya onse apanyumba. Koma tsiku la malipiro analandira madola 248 okha. Msonkho wa boma, kachigawo ka thumba la Edzi ndi chopereka cha penshoni ku NSSA zinali zitadya kale gawo lawo.

Madzulo atafika ku Mufakose, anagwada ndi kupereka envelopu yonse kwa agogo ake aamuna, monga mwa mwambo. Nkhalambayo inachoka ku Dedza mzindawu ukadali Salisbury, ndipo penshoni yake inasanduka mapepala achabe mu 2008, mitengo itapenga. Inayala ndalamazo pamphasa.

"Mdzukulu wanga, ndani ayambe kudya?"

"Amayi, agogo."

"Iyayi. Ayambe ndi miyendo imene yabweretsa ndalamazi."

Anawerengera limodzi: dola popita, dola pobwera, masiku 26 a ntchito. Madola 52 a kombi anaikidwa padera, poti wosowa yokwerera pa 20 amakongola, ndipo malipiro otsatira amafika ali ndi mwini kale. Kenaka 70 ya ufa, mafuta ophikira ndi ndiwo, 25 ya magetsi a ZESA ndi madzi, 40 yochepetsera fizi ya mlongo wake.

Pa mulu wachisanu mawu a agogo anatsika. Anali atalephera miyezi iwiri kusonkha ku bungwe la maliro la anthu akumudzi, ndipo mwezi wachitatu dzina lawo likanafufutidwa m'buku.

"Mlendo sakhala ndi manda mpaka anzake atamukumbira," anatero, osamuyang'ana.

Mnyamatayo anaikapo yekha madola 10.

Mulu wachisanu ndi chimodzi, madola 30, unali wa chipereganyu, chimene Ashona amati mukando. Pa gulu la anthu khumi, mwezi wake ukadzakwana adzalandira 300 nthawi imodzi. Agogo anamuchenjeza kuti alowe ndi anthu okhawo amene amadziwa makomo awo, chifukwa wolandira koyamba akasamuka usiku, otsala amalira.

Panatsala madola 21. Mnyamatayo anawakankhira kwa agogo, koma iwo anawabweza.

"Awa ndi ako. Wantchito amene salawa thukuta lake amayamba kudana ndi abale ake."

Foni sinagulidwe mwezi umenewo. M'mawa mwake anagula buledi ndi shuga, banja lonse linamwa tiyi. Pa 20, anzake awiri akupempha kondakitala kuti adzalipire pakutha pa mwezi, iye anatulutsa dola lake nakhala pansi.