Kalulu Wafika pa Depoti ya Limbe

Nthano ya Kalulu, Njovu ndi Mvuu ambiri tinaimva tili ana. Kalulu anauza Njovu kuti angamugonjetse pokokana chingwe, kenako anatsikira kumtsinje n'kukamuuza Mvuu zomwezo. Nsonga imodzi anapatsa uyu, ina anapatsa uyo, iye n'kubisala pakati. Zimphona ziwirizo zinakokana mpaka kulefuka, chilichonse chikudabwa kuti kanyama kakang'ono chotere mphamvu kazitenga kuti.

Teremu ino takhala tikuisamutsa nthanoyi pamodzi ndi ophunzira a Fomu 3, kuichotsa m'thengo n'kuiika pamalo okwerera maminibasi ku Limbe. Makolo ena ndi akuluakulu a komiti ya mzikiti afunsa ngati n'koyenera kuti mphunzitsi wa Chisilamu aziseketsa ana ndi nkhani ya kathyali. Funsolo ndi lomveka, ndipo tiliyankha, koma muyambe mwaona mmene ntchitoyo imayendera.

Kusamutsa nthano si kungopatsa Kalulu foni ndi kapu yozondotsa. Chofunika n'kupeza chimene chimachititsa kuti chinyengocho chitheke. M'nthano iyi muli kudzikuza kwa zimphona, muli chingwe chimodzi choperekedwa kwa awiri, ndiye muli tchire limene likuwatchinga kuti asaonane. Ophunzira ambiri amakumbukira chingwe n'kuiwala tchire. Komatu popanda tchire palibe nthano, chifukwa Njovu akanangokweza mutu n'kumuona Mvuu. Nanga tchire la pa depoti ndi chiyani? Ndi mzere wa maminibasi oima mothithikana, mahutala, ogulitsa mazira ndi madzi, oitanira akufuula "Zomba, Liwonde, Mangochi!" Koposa zonsezi, ndi madalaivala awiri amene anayambana kalekale ndipo salankhulana.

Nayi nthanoyo mmene yakhalira.

Padangokhala, Njovu ndi Mvuu anali madalaivala a msewu wa ku Mangochi. Kalulu anali woitanira. Tsiku lina m'mawa panafika amayi khumi opita ku ukwati ku Liwonde, atasenza matumba a mpunga, mapoto aakulu ndi nkhuku. Kalulu anawalandira mwaulemu nati, "Amayi, tsitsani apa, katundu ndisamala ine." Anathamangira kwa Njovu: "Bwana, Mvuu akuti lero anyamuka inu musanapeze ngakhale anthu atatu. Ndili ndi anthu khumi. Ndipatseni K5,000 pompano akhale anu." Njovu anafwenthera, natulutsa ndalamayo. Woitanira amalipidwa galimoto ikadzaza, koma mkwiyo unamuiwalitsa zimenezo. Kalulu anawakweza amayi aja kwa Njovu, koma katundu wawo anazungulira naye kuseri kwa mzere, nakamumangirira ndi chingwe kumbuyo kwa minibasi ya Mvuu. "Achimwene, katundu ndi uyu, eni ake akubwera. Njovu amawafuna, ine ndasankha inu." Mvuu nayenso anapereka K5,000.

Kukokana kunayamba pamenepo. Njovu ali ndi anthu opanda katundu, Mvuu ali ndi katundu wopanda anthu. Aliyense akuganiza kuti Kalulu akungokakamira kuti amuonjezere, choncho aliyense anatuma kondakitala wake ndi K2,000 ina. Injini zikulira, dzuwa likukwera, amayi akupukuta thukuta ndi nsonga za zitenje. Kalulu, K14,000 ili m'thumba, anali kuseri kwa golosale akudya tchipisi.

Pofika apa m'kalasi munali phwete, ndipo nafenso tinaseka. Koma mwaona chimene chasintha? M'nthano yakale chingwe ndi chingwe basi, sichimva kuwawa. Oluza ndi zimphona ziwiri zodzitama, ndipo ataya thukuta ndi ulemu chabe. N'chifukwa chake agogo athu ankaikonda: inali nthano ya wamng'ono amene amphamvu ankamuyang'anira pansi. Pa depoti chingwe chija chasanduka anthu. Amayi khumi, amene sanadzitame kwa wina aliyense, ndiwo akukokedwa uku ndi uku, ndipo mpunga wa pa ukwati ukuchedwa. Ife sitinaonjezepo phunziro lililonse. Malo atsopanowo ndiwo anaulula amene akulipira.

Apa ndi pamene tikuyankhira a komiti. Nthano si bodza, pakuti aliyense akamva "padangokhala" amadziwa kuti zikubwerazo ndi zopeka, ndipo amavomera yekha kuti "tili tonse." Bodza lili m'kati mwa nthanoyo, m'kamwa mwa Kalulu, ndipo ana tikufuna aliyang'anitsitse mmene limagwirira ntchito. Imamu Muslim anasunga hadisi yofotokoza kuti Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) anadutsa pa mulu wa chakudya chogulitsa, napisamo dzanja, n'kupeza kuti pansi pake n'ponyowa. Wogulitsa anati inali mvula. Mtumiki anamufunsa chifukwa chimene sanaike chonyowacho pamwamba kuti anthu achione, ndipo anachenjeza mwamphamvu za chinyengo. Taonani kuti mlandu sunali kunyowako, unali kubisa. Chakudya chouma cha pamwamba chinkagwira ntchito ya tchire lija. Kalulu wa pa depoti sanabe chikwama cha munthu, sanaopseze aliyense. Anangoonetsetsa kuti anthu amene anayenera kuonana asaonane. Mwana amene wazindikira zimenezi m'nthano adzazizindikiranso pa msika, pa mgwirizano wa malonda, ngakhale pakati pa abale awiri amene wina akuwatengera mawu uku ndi uku.

Tinenepo kuti nthanoyi sikunyoza anthu a maminibasi. Ena mwa makolo a pasukulu pano fizi amaipeza pa chiwongolero, ndipo pali oitanira amene amathamangira minibasi kukabweza foni yoiwalika. Kalulu tamuika pa depoti chifukwa ndi pamene anthu osadziwana amakakamizika kukhulupirirana mwachangu.

Povuta panali pomaliza. Ophunzira ena ankafuna kuti gulu limugwire Kalulu n'kumuthidzimula. Tinakana, chifukwa chiweruzo cha gulu chapha anthu m'matauni mwathu ndipo si chinthu choseketsa nacho ana. Ena ankafuna kuti alape pomwepo akulira. Nazonso tinazikana, chifukwa ameneyo sakhalanso Kalulu, ndipo womvera amadziwa kuti wolemba wangomukakamiza. Mtsikana wina wa kumbuyo ndiye anafunsa funso limene linatitsegulira njira: "Aphunzitsi, nanga mawa akagwira ntchito kuti?" Kalulu wa m'thengo akanyenga amathawira phiri lina. Wa ku Limbe alibe phiri lina, depoti ndi yomweyo.

Choncho inatha motere. Gogo wina mwa amayi aja anatsika kuti akagule madzi, ndipo anamva tambala wake akulira kumbuyo kwa minibasi ya eni. Anayenda mpaka kwa Mvuu, namugwira dzanja, n'kumukokera kwa Njovu. Kwa nthawi yoyamba pa zaka zitatu awiriwo anayang'anizana. Sanakhululukirane, koma anawerengetsa ndalama, ndipo inakwana K14,000. Anamasula chingwe, katundu anapita kwa eni ake, ndipo amayi anafika ku Liwonde swala ya Asiri itadutsa, alendo atadya nsima m'malo mwa mpunga.

M'mawa mwake Kalulu anafika molawirira, malaya atachapa, nayamba kufuula "Zomba, Liwonde!" monga mwa masiku onse. Kondakitala wa Njovu anatseka chitseko. Wa Mvuu anayang'ana kumbali. Mayi wina wosenza dengu atatulukira pakona, Kalulu anatambasula manja kuti amulandire, koma wogulitsa mazira anamunong'oneza kanthu mayiyo, ndipo iye anagwiritsa dengu lake napitirira.