Funso Lachinayi

M'mwezi wa Okutobala ndinachoka ku Liwonde kukaona mlongo wanga ku Balaka. Ndinapeza mwana wake, amene akuphunzira zamalamulo, atakhala pansi pa mtengo wa mango ndi mabuku ake. Anandiuza kuti milandu yonse waiŵerenga, koma chomuopsa nchakuti mayeso ndi a maola atatu, ndipo saloledwa kuloŵa ndi buku. "Amalume, inu munkatani?" Ndinayenera kumuululira kuti pa mayeso anga oyamba otere ndinatsala pang'ono kugwa, ndipo chifukwa chake sichinali umbuli ayi.

Pepalalo linafuna kuti tiyankhe mafunso anayi, lililonse la malikisi 25. Funso loyamba linali lokhudza kusasamala kumene kumavulaza munthu wina, ndipo mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe, popeza mlandu wa Donoghue ndi Stevenson ndinkaudziŵa ngati njira ya kumunda. Mayi Donoghue anamwa chakumwa cha m'botolo ku Paisley, m'dziko la Skotilandi, m'chaka cha 1928, nadandaula kuti munali nkhono yowola. Mu 1932 bwalo lalikulu la ku Mangalande linagamula kuti wopanga chakumwa ayenera kusamala za munthu amene adzamwe, ngakhale sanapangane naye kanthu. Woweruza Atkin anamanga chigamulo chake pa funso lija timalimva m'fanizo la Msamariya, la amene ali mnansi wathu. Mwana wa mkulu wa mpingo ngati ine akanaleka bwanji kulemba? Ndinalemba masamba asanu ndi limodzi. Nditakweza maso, mphindi 70 zinali zitapita.

Mafunso aŵiri otsatira ndinawapatsa mphindi 45 lililonse, ndipo pochotsa mphindi 10 zimene ndinaŵerengera pepala, lachinayi linatsala ndi mphindi 10 zokha. Loyamba lija linandipatsa malikisi 18, lachinayi 4.

Ndinamuuza mwanayo kuti aganizire bwino manambala aŵiriŵa. Malikisi oyamba a funso lililonse ngotsika mtengo: ukatchula nkhani imene ikutsutsidwa, lamulo lake, ndi momwe lamulolo likugwirira pa zochitikazo, wafika kale pafupi ndi theka. Malikisi omalizira ndiwo odula, ndipo woonkhetsa sapereka 25 kwa aliyense. Mphindi 30 zimene ndinaonjezera pa Donoghue mwina zinandigulira malikisi aŵiri kapena atatu. Pa funso lachinayi zikanagula khumi. Mlimi wa ku Balaka amadziŵa kuti sungapalire thonje katatu chimanga chili m'tchire.

Tinatenga pepala nkuŵerengera pamodzi. Maola atatu ndi mphindi 180. Chotsa 10 zoŵerengera mafunso onse ndi kusankha, ndi 10 zina zobwerezera pa mapeto, zitsala 160. Mafunso anayi ofanana alandira 40 lililonse. Koma pepala lina limakhala ndi funso lokakamiza la malikisi 40 ndi ena atatu a malikisi 20. Pamenepo gaŵa molingana ndi malikisi: lalikulu lilandire mphindi 64, enawo 32 lililonse. Funso likagaŵidwa m'zigawo, tsata njira yomweyo.

Chimene ambiri amaiŵala nkusandutsa mphindizo kukhala nthaŵi ya pa wotchi. Munthu ali m'kati mwa mkangano wa lamulo sangathe kuŵerengera kuti wayamba liti. Ngati mayeso ayamba 8:30, lemba pamwamba pa pepala la mafunso kuti 8:40, 9:20, 10:00, 10:40, ndi 11:20. Dzanja la wotchi likafika pa 9:20, maliza chiganizo chimene ulipo, siya mpata wa mizere ingapo, pita ku funso lachiŵiri. Kumapweteka, ndikudziŵa. Mphindi 10 za kumapeto zija ndizo zobwerera ku mpatawo.

Mwa mphindi 40 za funso, zisanu zoyamba nzokonzera: ndani akudandaula, akudandaulira yani, nkhani zilipo zingati. Poti buku palibe, dzina la mlandu limathaŵa nthaŵi zina. Usalithamangitse. Lemba zimene zinachitika m'mlanduwo ndi lamulo limene unakhazikitsa. Nkhono m'botolo woonkhetsa aizindikira. Ndipo nthaŵi ikakutsinabe pa funso lomaliza, lemba mfundo zake m'mizere yaifupi m'malo mwa mawu oyamba okongola.

"Nanga ndiyambe ndi funso limene ndilidziŵa koposa?" anafunsa. Ndinati inde, limakhazika mtima pansi, koma ndilo lomwe limaba nthaŵi, choncho aliyang'anire koposa onse.

Tisanasiyane tinapangana ndi mlongo wanga kuti Loŵeruka lililonse mwanayo azilemba pepala limodzi lakale, mabuku atatsekeredwa m'chipinda, mayi ake atagwira wotchi pakhonde. Loŵeruka loyamba anandiimbira madzulo. Anafika pa funso lachinayi 10:52, mochedwa ndi mphindi 12, ndipo akuti mayi ake anakana kumuonjezera ngakhale imodzi.