Tiyi Wanga, Buku Langa: Kalata Yomwe Ndidalembera Mnzanga

Mawu akuti "zili bwino" ndi omwe ife ophunzira timakonda kuuzana wina akatipatsa chimangirizo chake kuti timuwerengere. Timawanena mwaulemu, ndipo wouzidwayo amasekerera. Koma akabwerera kuchipinda chake nkukhala pansi kuti akonze ntchito yake, amapeza kuti m'manja mwake mulibe kanthu, chifukwa mawu amenewa samuuza ndime yoti aigwire, chiganizo choti achisinthe ngakhalenso mfundo yoti aisunge. Mu phunziro lathu la kapangidwe ka mawu, aphunzitsi adatiletsa kuyankhana motere. Adatigawa awiriawiri ndi kutiuza kuti aliyense alembere mnzake kalata yosapitirira masamba awiri, patatsala sabata imodzi kuti tipereke zimangirizo zathu. Chimangirizocho chinali ndi malikisi ambiri ndithu pa phunzirolo, choncho kalatayo sinali yongosewera nayo.

Ine ndidapatsidwa ntchito ya mnzanga wina yemwe tinkagona naye nyumba imodzi. Adalemba masamba asanu ndi limodzi pa mutu wa mayina obwereka kuchokera ku Chingerezi ndi magulu omwe mayinawo amalowa akafika m'Chichewa. Mfundo yake yaikulu inali pa tsamba lachiwiri, pomwe adati mayina onse obwereka amalowa m'gulu la I-Zi chifukwa amabwera opanda mphatikiri wosonyeza gulu. Adaperekapo mayina khumi ndi awiri ngati umboni, ena mwa iwo ndi sukulu, wayilesi, foni, kapu, nsapato, kalata, buku, tiyi, chipewa ndi dokotala.

Ndidawerenga kawiri ndisanalembe kalikonse. Ulendo woyamba cholembera ndidachisiya patali, chifukwa ndinkafuna kumva chabe chomwe mwini wake akunena. Munthu akayamba kuwerenga cholembera chili m'manja, maso ake amathamangira pa malembo olakwika ndi mipatuliro yosowa, ndipo amafika kumapeto atadzaza tsamba ndi mizere koma mfundo ya mnzake asanaimve. Ulendo wachiwiri ndi pomwe ndidatenga mayina ake aja limodzilimodzi nkumawayesa ndi mgwirizano, monga tidaphunzirira, poika "-anga" patsogolo pake. Sukulu yanga, wayilesi yanga, foni yanga, kapu yanga: onsewa adamuvomereza. Koma nditafika pa buku pakamwa panga padatuluka "langa", pa tiyi padatuluka "wanga", pa chipewa "changa", ndipo dokotala naye adakhala "wanga". Mayina anayi mwa khumi ndi awiri omwe adawasankha yekha ankatsutsa mfundo yake yaikulu.

Apa ndi pomwe ntchito ya kalata idavuta. Kunena kuti mfundo yaikulu yagwa nkumuuza munthu kuti denga lomwe wafolera likudontha pakati penipeni, mvula ili pafupi. Kungokhala chete nkumusiya kuti akamve zomwezo kwa aphunzitsi, nthawi yokonza itatha. Akuluakulu adati wakutsina khutu ndi mnansi, koma sadanene kuti ulitsine mpaka lituluke magazi.

Ndidayamba kalatayo pobwereza mfundo yake m'mawu anga, kuti aone ngati ndamumva. Kenaka ndidatchula chomwe chidandigwira mtima, ndipo ndidatchula ndi malo ake omwe:

"Mnzanga, ndawerenga chimangirizo chako kawiri. Ngati ndamva bwino, ukunena kuti dzina lachilendo likalowa m'Chichewa limafuna gulu, ndipo poti lilibe mphatikiri, limathawira ku I-Zi. Ndime yako yachitatu pa tsamba loyamba, pomwe wafotokoza momwe timalowetsera malembo a liwu pakati pa malembo opanda liwu mpaka kutuluka mawu ngati sukulu ndi supuni, ndi yomveka kwambiri, chifukwa wapereka chitsanzo usanatchule lamulo. Usaisinthe ndimeyi, ndipo ndime zinazo uziyale momwemo."

Ena amaganiza kuti chiyamiko chotere ndi shuga wothira pa mankhwala owawa. Ine sindikuona choncho. Wolemba akamakonza ntchito yake mwamantha amatha kugumula ndi khoma lomwe linali lolimba, kotero ayenera kuuzidwa pomwe asakhudze. Chiyamiko chomwe sichitchula tsamba ndi ndime sichimuteteza ku ngozi imeneyi.

Ndidalingaliranso za "iwe" ndi "inu". Kalata ya m'kalasi, yomwe aphunzitsi adzaionenso, imakokera munthu ku "inu". Koma ife timatchulana "iwe" tsiku ndi tsiku, pophika ndi pochapa pomwe, ndipo "inu" wadzidzidzi akadamveka ngati ndavala jekete la aphunzitsi kuti ndimuweruze. Ndidasunga "iwe".

Gawo lachiwiri ndilo lidatenga malo ambiri, pafupifupi tsamba lathunthu. Sindidalembe kuti mfundo yake ndi yolakwika. Ndidamupatsa muyeso womwe ndidagwiritsa ntchito kuti auyese yekha:

"Pa tsamba lachiwiri walemba kuti 'onse'. Tenga mayina ako khumi ndi awiri aja, uike '-anga' pa lililonse, unene mokweza. Ine ndikatero ndikupeza magulu anayi: foni yanga (I-Zi), buku langa (Li-Ma), chipewa changa (Chi-Zi), tiyi wanga ndi dokotala wanga (Mu-A). Kodi iwe ukupeza zomwezi? Ngati ndi choncho, mawu akuti 'onse' sangaime, koma 'ambiri' akhoza kuima, ndipo funso lokoma likhala lakuti otsalawo akupitiranji kwina."

Ndidaonjezapo zinthu ziwiri zoti ziunikire njira. Choyamba ndi chakuti dzina lobwereka likayamba ndi liwu lofanana ndi mphatikiri wathu, anthu amalitenga ngati lathu. Chipewa chimayamba ndi "chi", choncho chidalowa mu Chi-Zi mpaka kuchuluka kwake kudakhala zipewa. Tchalitchi nacho timati "chathu", ngakhale kuti "tch" wakeyo si mphatikiri konse. Chachiwiri ndi tanthauzo: dokotala ndi munthu, ndipo mayina a anthu amakokedwa ndi mgwirizano wa Mu-A. Za tiyi, shuga ndi sopo, zomwe si anthu koma timati tiyi wotentha, shuga watha, sopo wonunkhira, ndidamusiyira ngati funso. Ndidachita dala kusalemba chiganizo chatsopano choti alowetse m'malo mwa chakecho. Ndikadamulembera, chimangirizocho chikadayamba kukhala changa, ndipo tsiku lofunsidwa m'kalasi akadasowa poyambira kuchiteteza.

Panalinso kanthu kena komwe kadandisangalatsa kwambiri kuposa zonse, ngakhale ndidakapatsa ziganizo zitatu zokha. Mayina omwe ankaoneka ngati akumuvomereza nawonso sakhazikika mu I-Zi akachuluka. Timati sukulu yathu, koma tikachulukitsa ambiri timati masukulu athu, pomwe ena amati sukulu zathu. Kalata ili chimodzimodzi: makalata anga, kalata zanga. Ndiye kuti dzina limodzi likhoza kukhala mu I-Zi likakhala limodzi nkukabwereka "ma-" wa Li-Ma likachuluka. Ndidamuuza kuti ngati malo alola, apa pali ndime yabwino kwambiri, koma ngati salola asadzipanikize. M'kalata yotere ndi bwino kusiyanitsa chomwe wolemba ayenera kukonza ndi chomwe angachite atafuna, apo ayi amaona zonse ngati ngongole.

Nkhani yachitatu inali yaifupi. Mutu wake unkati mayina ochokera ku Chingerezi, koma nsapato, kalata ndi chipewa zidachokera ku Chipwitikizi. Ndidamuuza kuti ali ndi njira ziwiri: kuchotsa mayina atatuwo kapena kukulitsa mutu kuti ukhale wa mayina obwereka basi. Ndidanena kuti ine ndikadasankha yachiwiri, poti chipewa ndi umboni wabwino womwe sangafune kuutaya, koma kusankha kunali kwake.

Kalembedwe ndidakaika kumapeto, m'ndime imodzi ya mizere inayi. Adasakaniza "mau" ndi "mawu", penanso "maina" ndi "mayina". Sindidazungulize lililonse ndi cholembera. Ndidatchula kamodzi, ndidapereka tsamba lomwe zachulukira, ndi kumukumbutsa za malamulo a kalembedwe ka Chichewa a 1990. Dongosolo limeneli lili ndi chifukwa chake. Wolandira kalata amaganiza kuti chomwe chabwera poyamba ndi chomwe chatenga malo ambiri ndicho chachikulu. Ndikadayamba ndi "w" wosowa, akadatha madzulo onse akusaka "w", kenaka nkudzafufuta ndime zomwezo pokonza mfundo yaikulu. Zinthu zina zing'onozing'ono zomwe ndidaziona, monga ziganizo zingapo zotalika ndi mawu akuti "kwenikweni" omwe adabwera pafupifupi m'ndime iliyonse, ndidazisiya kunja. Munthu yemwe watsala ndi masiku asanu ndi awiri, ali ndi maphunziro enanso anayi, sanganyamule ndemanga makumi awiri.

Ndisanaipereke, ndidayesa ndemanga iliyonse ndi funso limodzi: mnzangayu akaiwerenga ali yekha usiku, adziwa tsamba loti atsegule ndi choti achite pamenepo? Chiganizo china chomwe chinkati kumapeto kwa chimangirizo chake nkofooka chidalephera muyesowu, choncho ndidachisintha kuti chinene kuti ndime yomaliza yabweretsa nkhani yatsopano ya chilankhulo cha achinyamata, yomwe sinatchulidwe m'masamba asanu oyambawo, ndipo mwina ichoke kapena ilonjezedwe poyamba.

Adaiwerenga kalatayo ine kulibe, ndipo tsiku limenelo sadandilankhule zambiri. Mawa lake adabwera ndi pepala lomwe adalembapo mayina ake aja m'mizere inayi. Za tiyi, chipewa ndi dokotala adavomera. Za buku adakana. Kwawo ndi ku Mchinji, kufupi ndi malire a Zambia, ndipo adati iye wakula akumva anthu ena akunena kuti "buku yanga", monganso amalankhulira abale ake a ku Lusaka. Pamene ankaika buku pamndandanda wake, khutu lake silidamunamize. Funso lija lakuti "kodi iwe ukupeza zomwezi?" ndilo lidamupatsa mpata woti ayankhe kuti ayi.

Chimangirizo chomwe adapereka chidati mayina ambiri obwereka amalowa mu I-Zi, kuti liwu loyamba ndi tanthauzo zimakokera ena kumagulu ena, ndiponso kuti m'malankhulidwe ena a Chinyanja gulu la I-Zi likumeza ndi mayina omwe m'Chichewa cha m'mabuku ali mu Li-Ma. Mfundo yachitatuyi munalibe m'kalata yanga. Mutu adaukulitsa, ndime ya masukulu ndi makalata sadailembe poti malo adachepa, ndipo ndime yomaliza ija ya achinyamata adaisunga momwe inalili, nkungoonjezera chiganizo chimodzi choilonjeza pa tsamba loyamba.