Abwana Akale Sangakumbuke Zonse, Akumbutseni

Pansi pa siivi iliyonse pamakhala mayina awiri kapena atatu a anthu otichitira umboni, aja timangoti marefarensi. Ambirife timawalemba pomaliza, mothamanga, ngati kungodzadzitsa pepala. Koma olemba ntchito akafika poimbira anthu amenewa, nthawi zambiri amakhala kuti atsala ndi anthu ochepa kwambiri oti asankhepo. Foni ya mphindi zisanu ikhoza kukupatsa ntchito kapena kukulanda.

Chaka chatha kontirakiti yanga inali itatsala miyezi iwiri kuti ithe, lendi ikudikira, fizi ya mng'ono wanga nayonso ili pakhomo. Ndinafunsira ntchito yofalitsa nkhani ku bungwe lina lothandiza alimi. Munthu amene ankadziwa bwino ntchito yanga anali mayi wina yemwe anali bwana wanga ku Lilongwe, koma panali patatha zaka ziwiri chisiyanirane.

Ndinayamba ndi uthenga wa pa WhatsApp, wowapatsa moni ndi kuwafunsa nthawi yabwino yoti ndiwaimbire. Munthu wamkulu sumangomugwetsera pempho ngati ukupempha mayunitsi. Titalankhulana ndinati, "Mayi, ndafunsira ntchito ina. Kodi mukuona kuti mukuidziwa ntchito yanga mokwanira moti n'kundichitira umboni wabwino?" Mawu oti "wabwino" ndinawaikapo dala. Kwathu kuno munthu sakana pamaso, ndiye funso lotere limamupatsa potulukira. Akayankha kuti "aaa, papita nthawi, komabe tiona," dziwani kuti akana mwaulemu, fufuzani wina. Mayiwa anayankha kuti, "Bwanji osatero? Unditumizire zonse."

Tsiku lomwelo ndinawatumizira imelo imodzi yokhala ndi chilengezo cha ntchitoyo, siivi yanga yatsopano, ndi mizere yochepa yowakumbutsa. Choyamba ndinalemba masiku ndi udindo: miyezi 6 ndili wophunzira ntchito, kenako chaka chimodzi ndi miyezi 4 ndili wolembedwa. Zikuoneka zazing'ono, komatu apa ndi pamene anthu amagwa. Siivi ikanena zaka ziwiri, bwana n'kunena kuti "ngati chaka chimodzi chabe," woimbayo saganiza kuti bwana waiwala. Amaganiza kuti iwe wanama.

Kenako ndinasankha zinthu zitatu zimene chilengezocho chinkabwerezabwereza: kulemba m'Chichewa ndi m'Chingerezi, kupita kumidzi kukacheza ndi alimi, ndi kumaliza malipoti pa nthawi yake. Pa chilichonse ndinaikapo chochitika chimodzi chimene iwo anachiona ndi maso awo. Pa za kumidzi, ndinawakumbutsa ulendo wa ku Dedza, pamene galimoto inatitira m'matope ndipo ndinayenda pansi kukajambula mawu a amayi a banki m'khonde, nkhani n'kutuluka sabata yomweyo. Bwana amene wayang'anirapo achinyamata ambirimbiri, ukapanda kumukumbutsa, amangoti "anali mwana wabwino, waulemu." Ndi zoona, koma mawu amenewa sayankha funso la olemba ntchito. Iwo akufuna kumva zimene unachita.

Pali malire ake. Chilengezocho chinkatchulanso za kuyendetsa bajeti, pamene ine ndinkangosunga malisiti a maulendo athu. Ndinawauza poyera kuti mbali imeneyi ndilibe luso lambiri. Anati akafunsidwa adzanena zimene anaona, kuti ndalama za ulendo sizinkasowa ndipo malisiti ankabwera onse. Sindinawalembere mawu oti adzanene. Umboni woloweza umamveka, ndipo woimba akangofunsa funso limodzi lowonjezera, umagwa. Tinakambirananso mafunso amene amabwera pafupifupi nthawi zonse: chifukwa chimene ndinachokera, mbali imene ndimafooka, komanso ngati angandilembenso ntchito. Ndinkafuna kuti chifukwa chimene ndinanena pa intavyu, choti ndalama za pulojekiti zinatha, chifanane ndi chimene iwo akudziwa.

Chomaliza chinali njira yowapezera. Mayiwa anali atasintha ntchito, ndiye imelo yawo yakale ikanangobweza uthenga. Ndinalemba yatsopano, ndi kuonetsa kuti ankandiyang'anira ku ntchito yawo yakale ija. Nditamaliza intavyu ndinawadziwitsa kuti sabata imeneyo akhoza kulandira foni kapena fomu ya pa imelo. Masiku ano, ndi akuba a pa foni achulukawa, nambala yachilendo anthu ambiri sayankha, ndipo olemba ntchito akaimba kawiri katatu osayankhidwa amatha kupita kwa wina.

Anawaimbira Lachinayi masana. Madzulo ake anandilembera kuti, "Andifunsa za kumidzi, ndawauza za ku Dedza." Kalata ya ntchito itabwera, iwo anali achiwiri kudziwa, pambuyo pa mayi anga ondibereka. Munthu amene waika dzina lake pa iwe ayenera kumva mmene zathera, kaya wapata kaya ayi, chifukwa mawa udzamufunanso.