Mwaonana kawiri kokha, ndiye m'kalatamo ulembamo chiyani?

Vuto loyamba la mnyamata wofuna kulembera mtsikana kalata yofunsira lili m'chilankhulo chathu chomwechi. Mawu oti kukonda timawagwiritsa ntchito paliponse. Timakonda kondowole, timakonda Manoma, timakonda amayi athu, ndipo mawu omwewo ndi amene anthu amauzana pamaso pa abusa tsiku la ukwati. Ndiye mnyamata akalemba kuti "ndakukondani" kwa munthu amene waonana naye kawiri kokha, amamusiyira mtsikanayo ntchito yolota kuti chikondi chake ndi chiti. Atsikana ambiri amangoti ndi bodza, ndipo ine sindiwadzudzula.

Kalata yabwino kwambiri ya mtundu umenewu imene ndinawerengapo inalibe mawu amenewa. Analemba ndi msuweni wanga, ndipo anandionetsa asanatumize. Mtsikanayo anakumana naye koyamba pa chinkhoswe ku Chilomoni, onse awiri atapatsidwa ntchito yogawa zakumwa. Kachiwiri anakhala moyandikana m'minibasi yochokera ku Limbe kupita ku Zomba, ndipo anapatsana manambala potsika. Zonse zimene ankadziwa za iye zinathera pamenepo.

Atapereka moni, analemba chonchi: "Taonana kawiri kokha, choncho sindinganene kuti ndikukudziwani. Koma tsiku la chinkhoswe ndinaona kuti munayamba mwapatsa agogo aja anakhala kumbuyo, amene tonse tinawaiwala. M'minibasi muja munanditsutsa pa nkhani ya ngongole za ophunzira, ndipo mpaka lero ndikusakabe yankho. Mwandisangalatsa, ndipo sindikubisirani kuti maganizo anga ndi a chibwenzi, osati ucheza chabe."

Onani kuti chilichonse m'menemo mtsikanayo angathe kuchitsimikiza yekha, chifukwa analipo. Apa ndi pamene ndimayesera kalata iliyonse yotere: kodi utafufuta dzina n'kulembapo la mtsikana wina, ingatumizikebe? Makalata aja tinkalemberana ku sekondale, a tulo tosabwera ndi nsima yosalowa, ankatumizika kwa aliyense. Ena ankachita kubwerekana. Koma nkhani ya agogo a kumbuyo aja sungaitumize kwa wina.

Chiganizo chomalizacho ndiye chinali chovuta. Msuweni wanga ankafuna kuchichotsa, poopa kuti mtsikanayo athawa. Anyamata ambiri amasankha njira ina, yolowera ku "asisi" ndi "achemwali". Amatumiza moni m'mawa uliwonse, amafunsa ngati wadya, miyezi itatu n'kutha, kenaka n'kudzaulula kuti kuyambira pachiyambi cholinga chinali china. Mtsikana amene ankaona ngati wapeza mlongo amamva kuti wapusitsidwa, ndipo sakulakwa. Kunena cholinga msanga kumamupatsa mpata wosankha akudziwa chimene akusankha.

Koma kunena cholinga si kupempha yankho la chibwenzi pompo. Kalatayo inapitiriza: "Sindikukupemphani kuti mundilole lero. Ndikupempha kuti tidzakhale pansi Loweruka lina masana, pamalo amene musankhe inuyo, tidzacheze ola limodzi. Ngati muli ndi wina, kapena simukufuna basi, mundiuze kuti ayi. Sindifunsa chifukwa, ndipo sindilembanso."

Pempho la ola limodzi likulingana ndi kuonana kawiri. Munthu angathe kulivomera osadzimangirira pa chilichonse. Mawu oti "simukufuna basi" nawonso ali ndi ntchito yake. Tonse tikudziwa mayankho aja oti "ndiyambe ndaganiza" ndi "ndili naye kale". Nthawi zina amakhala oona, koma nthawi zambiri mtsikana amawanena chifukwa akudziwa kuti "ayi" wopanda chifukwa anyamata samulandira. Tinakula tikumva kuti mkazi savomera tsiku loyamba, kuti mwamuna weniweni amalimbikira, ndipo chiphunzitso chimenechi n'chimene chimasandutsa kufunsira kukhala kuvutitsa. Mnyamata akalemba kuti salembanso, akhale wokonzeka kusunga mawuwo, ngakhale yankho litakhala chete. Asatume mnzake wa mtsikanayo kuti akafunse za "mawu aja".

Kanthu kena kakang'ono: kalata yonse analemba ndi "inu". Ena akuti zimenezi n'zachikale, zikumveka ngati ukupempha ntchito. Ine ndikuona kuti "iwe" ndi mawu amene munthu amachita kukuloleza, ndipo pa kuonana kawiri amakhala asanakuloleze.

Anaitumiza pa WhatsApp, osati papepala, podziwa kuti mwina anzake a mtsikanayo aiwerenga usiku womwewo. Zimenezi sungaziletse. Anangoiwerenganso komaliza kuti aone ngati muli chiganizo chimene angachite nacho manyazi chitawerengedwa mokweza m'hositelo, ndipo anachotsamo chimodzi chonena za maso ake. Yankho linabwera patatha masiku anayi: Loweruka sizitheka, koma Lamlungu akaweruka ku tchalitchi, ndipo abwera ndi mnzake.