Achimwene a ku sitolo ndi mboni zawo zitatu

Mu 2018 bambo wina wa ku Pfupajena, m'tauni ya Chegutu, anafunsira ntchito yosunga katundu ku kampani ina yokonza makina a m'migodi. Pansi pa kalata ya mbiri yake analembapo mayina atatu a anthu oti amuikire umboni: kapitawo wake wakale, kalaliki wamkulu wa kumene ankagwira ntchito, ndi mkulu wa mpingo. Sanauze ndi mmodzi yemwe. Iye anati anthu amene anadya nawo nsima zaka khumi sangamuiwale. Pa intavyu anayankha bwino, koma ntchitoyo inapita kwa wina.

Chifukwa chake chinadziwika patapita miyezi iwiri, pa maliro ku Kadoma, pamene anakumana ndi kapitawo uja. Pocheza, mkuluyo anakumbukira kuti tsiku lina anthu achilendo anamuimbira lamya kufunsa za munthu wina, ndipo iye anawayankha moona mtima kuti dzinalo salidziwa. Munthu winayo anali yemweyo amene anaima pamaso pake.

Kapitawoyo sananame. Bamboyu anabadwira pa famu kufupi ndi Chegutu, atate ake atachokera ku Dedza nthawi imene tauniyo inkatchedwa Hartley. Monga ana ambiri a Amalawi m'Zimbabwe, ku ntchito ankangoitanidwa kuti Achimwene. Dzina la pa chitupa ankalidziwa ndi wolemba malipiro yekha. Nambala ya kalaliki nayo inali itafa kalekale. Mkulu wa mpingo yekha ndiye anayankha, ndipo anayamikira kuti bamboyo sajomba ku mapemphero ndiponso amaimba bwino. Ofunsawo ankafuna kudziwa ngati angamusiyire makiyi a sitolo yodzaza dizilo ndi zitsulo za makina. Safunsa anadya phula, koma pano wosafunsayo anadyetsanso phula anzake atatu.

Vuto lotere si lachilendo m'dera lino. Kwa zaka zambiri Chegutu ndi Kadoma zinkadalira thonje ndi mafakitale a nsalu a David Whitehead, ndipo pofika 2010 kampaniyo inali m'manja mwa woyang'anira woikidwa ndi khoti. Makampani ang'onoang'ono amene ankadyera pomwepo, monga ija imene bamboyu anagwirako kuyambira 1999 mpaka 2009, anatseka. Mafamu ambiri anasintha eni kuyambira 2000. Kampani ikatseka, mabuku ake amasowa, ndipo palibe ofesi imene ingatsimikize kuti uje anagwira pano zaka zakuti. Umboni wonse umatsala m'mitu ya anthu amene anabalalika, ena ku Harare, ena ku Joni.

Chaka chotsatira kunatulukanso ntchito yofanana, ndipo ulendo uno anayamba ndi mboni asanalembe kalata. Anakwera basi kupita ku Kadoma, mtunda wa makilomita oposa 30, ngakhale lamya anali nayo, poti pempho lotere kwa munthu wamkulu limalemera likanenedwa pamaso. Atapereka moni ndi kufunsa za kunyumba, anati:

"Bambo, ndabwera kudzapempha. Ndikufunsira ntchito yosunga katundu. Kodi mungathe kundiikira umboni wabwino pa ntchito imeneyi? Ngati n'kovuta, mundiuze, sindidandaula."

Funsolo linapangidwa mwanzeru. Munthu akafunsidwa ngati dzina lake lingalembedwe, amavomera chifukwa cha manyazi. Akafunsidwa ngati anganene zabwino, amapeza mpata wokana. Kapitawo anavomera msanga, nayamba kukumbukira yekha mmene Achimwene ankakanira kutulutsa ngakhale bawuti imodzi popanda pepala losainidwa. Kalaliki uja, atapezeka kudzera mwa mlamu wake, anayankha mosiyana: anati akhoza kutsimikiza kuti anagwiradi ntchito kumeneko, basi. Bamboyo anathokoza, nachotsa dzinalo. Wolemba ntchito akamva mboni ikuyankha mwachidule chotero, amamva zimene sizinanenedwe. M'malo mwake anapempha mayi wina wogulitsa mbewu ndi feteleza, amene anamusungira katundu nyengo zitatu za dzinja. Udindo wa mayiyo unali wochepa poyerekeza ndi wa kalaliki, koma anaona ntchito yake ndi maso, ndiponso posachedwa.

Aliyense anamusiyira pepala limodzi. Pamwamba analemba dzina lake lonse monga lilili pa chitupa, ndipo pambali pake mawu akuti Achimwene a ku sitolo. Kenaka analemba dzina la kampani yofuna munthuyo, dzina la ntchito, ndi sabata imene lamya ingalire. Analembanso zaka zimene anagwira limodzi ndi mboniyo, chifukwa ofunsa amayerekeza zimene amva ndi zimene zili pa kalata. Kapitawo akanati zaka zisanu ndi ziwiri pamene kalata ikuti khumi, wooneka wabodza akanakhala wofunsira ntchito, osati woiwalayo. Pomaliza anakopera zinthu zitatu zimene chilengezo cha ntchito chinatsindika: kulemba makadi a katundu wolowa ndi wotuluka, kuwerengera katundu yense pakutha pa mwezi, ndi kuyang'anira dizilo.

Mawu oti dizilo anakumbutsa nkhani imene onse awiri akanakonda kuiiwala. Chaka china mgolo wa malita 200 unasowa m'sitolo, ndipo Achimwene anaimitsidwa ntchito masabata awiri, mpaka zinadziwika kuti dalaivala wina anautenga usiku ndi kiyi wa mlonda. Bamboyo anaitchula yekha nkhaniyo.

"Akakufunsani ngati katundu anasowapo m'manja mwanga, musabise, bambo. Mungonena mmene zinathera."

Kapitawo anavomereza kuti chiyambi cha nkhaniyo ankachikumbukira bwino, koma mathero ake anali atayamba kuzilala. Akanadzidzimutsidwa ndi funsolo, akanati panali nkhani ya dizilo, nalekeza pomwepo.

Apa m'pamene pali malire a kukonzekeretsa mboni. Kukumbutsa munthu zimene anaona n'kumuthandiza, koma kumulembera zoti akanene n'kumuika pa mlandu. Chilengezo chinkafunanso wodziwa kusunga kaundula pa kompyuta, ndipo mwana wa bamboyo anati ampemphe kapitawo anene kuti atate ake ankachita zimenezo. Iye anakana, poti m'sitolo muja munalibe kompyuta, ndipo funso limodzi lofuna dzina la pulogalamu likanagwetsa umboni wonse, woona ndi wonama womwe. Za kompyuta anazisiyira mayi wa feteleza, amene anamuonadi akulowetsa manambala. Mkulu wa mpingo anamupempha kuti alankhule za chinthu chimodzi chokha chokhudza ntchitoyo: kuti bamboyo anasunga thumba la maliro la mpingo zaka zinayi, ndipo mabuku ake sanaperewerepo.

Ataitanidwa ku intavyu, madzulo omwewo anatumiza uthenga kwa onse atatu kuti asakane nambala yachilendo, ndiponso kuti lamya zikhale ndi moto, popeza magetsi ankazima nthawi yaitali chaka chimenecho. Kapitawo anaimbiridwa Lachinayi m'mawa ali ku dimba. Anafunsidwa kuti anamudziwa liti, ankagwira ntchito yanji, anachokeranji, ndiponso ngati angamulembenso ntchito atakhala ndi mpata. Za dizilo anazifotokoza mpaka kumapeto.

Atayamba ntchito, bamboyo anakweranso basi ya ku Kadoma kukanena mmene zinayendera, atanyamula shuga ndi buledi. Pepala lija analipeza lopindidwa m'thumba la jekete la kapitawo, ndipo pansi pa dzina la pa chitupa mkuluyo anali atajambula mzere kawiri.