Kope la mphwanga ndi masiginolo a pafoni

Mlongo wanga amagulitsa usipa wouma ku Malindi, m'boma la Mangochi. Mu 2024 anatumiza mwana wake kudzakhala nane ku Bangwe kuti aphunzire utelala, ndipo anam'patsa K400,000 yogulira makina osokera. Tsiku lina titatuluka mumzikiti pambuyo pa swala ya Ijumaa, mnyamatayo anandikokera pambali nandionetsa foni yake. Anati, "Amjomba, makina adikire kaye. Ndalamayi ikhoza kubereka inzake mwezi usanathe."

Anali atalowa gulu la pa Telegram limene anzake a ku Ndirande anamuuza. Mwini gululo ankati amawerenga matchati, zithunzi zosonyeza kukwera ndi kutsika kwa mitengo ya ndalama zakunja, ndipo ankatumiza masiginolo, ndiko kuti malangizo a nthawi yogula ndi yogulitsa. Kulowa kunali K25,000 pamwezi, ndipo mphwangayo anali atalipira kale kuchokera pa ndalama yake ya sopo. Lonjezo linali phindu lotsimikizika la 10 peresenti sabata iliyonse.

Ine ndimalemba mabuku a ndalama m'sitolo ina ku Limbe, choncho ndinayamba ndi masamu. K100,000 ikamakula ndi 10 peresenti sabata iliyonse, phindu likubwezeredwa momwemo, pakutha pa chaka imapitirira K14 miliyoni. Pakutha pa chaka chachiwiri imafika K2 biliyoni. Ndinam'funsa chifukwa chimene munthu wokhala ndi luso lotere angavutikire kutolera K25,000 kwa ophunzira utelala. Anaseka, koma sanagonje, pakuti m'gululo munali zithunzi zambiri za phindu ndi mauthenga a anthu othokoza.

Ndinaona kuti kukangana sikutithandiza, ndiye tinapangana. Kwa mwezi wathunthu ndalama ya makina ikhala kwa ine. Siginolo iliyonse ikangofika, iye azilemba m'kope tsiku, nthawi ndi mitengo yake, zotsatira zisanadziwike, kenako tiziona pa tchati chimene chachitika. Lamulo linali limodzi: cholembedwa sichifufutidwa.

Siginolo yoyamba inali yotere:

```
SELL EURUSD 1.0850
TP 1.0840
SL 1.0910
```

Tanthauzo lake ndi lakuti gulitsani yuro pa mtengo woyambawo. Mtengo ukatsika kufika pa TP, malonda atsekedwa ndi phindu. Ukakwera kufika pa SL, atsekedwa ndi kuluza. Apa ndi pamene panali chinsinsi. Kuchoka pa mtengo woyamba kufika pa TP panali timasitepe 10, pamene kukafika pa SL panali timasitepe 60. Pa muyeso wa malonda umene gululo linkalangiza, wolembedwa 0.10, kasitepe kalikonse ndi dola imodzi. Munthu ankaika pachiswe madola 60 kuti apeze 10. Cholinga chapafupi chotere mtengo umachikhudza kawirikawiri ngakhale popanda luso lililonse, monga bwato lomangidwa pagombe limagunda mchenga ndi funde lililonse. N'chifukwa chake kupambana kumaoneka kochuluka. Koma kuluza kumodzi kumadya kupambana kasanu ndi kamodzi, ndipo kuti munthu angobweza zake ayenera kupambana 6 pa 7 iliyonse.

Mwezi utatha tinatsegula kope. Munali masiginolo 20. Opambana anali 16, phindu lake madola 160. Oluza anali 4, ndipo anadya madola 240. Tinachotsanso pafupifupi madola 2 pa malonda alionse, imene ndi mbali ya kampani yochitirako malondayo, zonse pamodzi madola 40. Chotsala chinali kuluza madola 120. Pa mtengo wa kubanki wa nthawiyo, pafupifupi K1,750 pa dola, imeneyo ndi K210,000, kuposa theka la usipa wa mayi ake. Komatu usiku womwewo mwini gulu analengeza kuti mwezi umenewo anapambana 16 pa 17. Titabwerera m'mbuyo m'mauthenga, atatu mwa masiginolo oluza aja anali atafufutidwa. Anatsala m'kope mokha.

Mphwanga anakhala chete nthawi yaitali, kenako anafunsa za zithunzi za phindu zija. Ndinamuonetsa kuti pa MetaTrader, pulogalamu imene ankagwiritsa ntchito, aliyense angatsegule akaunti yoyeserera yotchedwa Demo, ya ndalama zongoyerekeza, naijambula ikuonetsa madola masauzande. Chithunzi si umboni. Umboni ulipo wina: akaunti ya MetaTrader imakhala ndi mawu achinsinsi achiwiri, otchedwa investor password, amene amalola munthu kuona malonda onse akale popanda kukhudza ndalama. Wochita malonda woona angawapereke osataya kalikonse. Mukawalandira, onani kuti akauntiyo ndi ya ndalama zenizeni, kuti mbiri yake ikufika chaka chathunthu, ndiponso kuti palibe malonda oluza amene asiyidwa osatseka kuti asaoneke m'chiwerengero.

Ndinamuuza afunse mafunso awiri mwaulemu. Loyamba linali la mawu achinsinsi amenewa. Lachiwiri linali la chilolezo, pakuti m'dziko muno ntchito za chuma zimayang'aniridwa ndi Banki Yaikulu ya Malawi, ndipo munthu angathe kukafunsa ku nthambi yake ya ku Blantyre ngati dzina linalake ndi lovomerezeka. Setifiketi yolembetsera bizinesi si chilolezo chosamalira ndalama za anthu kapena kuwalangiza pa ndalama zawo. Yankho linabwera pasanathe ola: anamutcha wamtima wa umphawi, namuchotsa m'gulu.

Izi si zachilendo. Mu 2018 bungwe loyang'anira misika ya chuma ku Ulaya, la ESMA, linanena kuti pa anthu wamba 100 alionse ochita malonda a mtundu uwu, pakati pa 74 ndi 89 amaluza. Ku South Africa, kampani ya Mirror Trading International inkalonjeza phindu la pafupifupi 10 peresenti pamwezi, ndipo inagwa mu Disembala 2020 ndi ndalama za anthu ochuluka. Eni magulu ambiri amalandiranso mphotho kwa kampani imene amakulozerani, nthawi zambiri molingana ndi kuchuluka kwa malonda anu. Iwo amadya ngakhale inu mukuluza.

Chigamulo cha halali ndi haramu pa malonda amenewa ndikusiyira mashehe athu. Powafunsa, afotokozereni zonse: kuti malonda ogona usiku nthawi zambiri amalipiritsidwa chiwongoladzanja, chimene chimadzutsa nkhani ya riba, ndiponso kuti wogulayo salandira m'manja ndalama imene akuti wagula. Chimene ndikudziwa ine n'chakuti za mawa amazidziwa Allah yekha. Wamalonda woona, ngakhale wa usipa, amanena kuti phindu lingabwere kapena ayi. Wonena kuti n'lotsimikizika wayamba kale ndi bodza.

Makina tinakagula ku Limbe sabata yotsatira, Alhamdulillah. K25,000 ija sinabwerere, ndipo kwa masiku angapo mnyamatayo sankandiyang'ana kumaso. Mlongo wanga sindinamuuze. Amuuza yekha akadzakonzeka. Kope lija linabwerekedwa ndi mnzake wa ku Ndirande, amene anali atagulitsa kale njinga yake. Ngati mwana wanu ali kuno kutauni ndipo wapempha ndalama ya masiginolo, musathamangire kum'kalipira kapena kum'tumizira. Mugulireni kope ndi cholembera, mumuuze kuti mukambirana mwezi ukatha.